Tchati cha mu Excel chagona pa ziro pomwe manambala akuoneka bwinobwino

Funso: Ndimalemba chiwerengero cha makatoni otuluka mosungira katundu mwezi uliwonse. Miyezi ili mu A2:A13, manambala ali mu B2:B13. A Januwale mpaka Okutobala ndinawakopera pa pulogalamu ya kuntchito yomwe timatsegula pa bulawuza, koma 1,420 wa Novembala ndi 1,610 wa Disembala ndinalemba ndekha. Mzere wa tchati wagona pansi miyezi khumi, ukudzuka kumapeto kokha. Ndisanalembe awiriwo tchati chinalibe kanthu n'komwe. Ndasintha maselo kukhala `Number`, ndapanganso tchati kawiri, palibe chasintha, ndipo Excel sikuonetsa chenjezo lililonse. Ndilakwa pati? — Mayi wina wosunga katundu

Yankho: Mayi, tchaticho chisiyeni kaye, chilibe mlandu. Chikujambula zomwe chapatsidwa, ndipo m'miyezi khumi ija sichinapatsidwe manambala. Chapatsidwa mawu ooneka ngati manambala. Maso anu akaona 1,250 amawerenga makatoni, koma Excel ikhoza kukhala itasunga zimenezo monga momwe imasungira dzina la munthu, ngati zilembo zondondozana basi. Tchati chikakumana ndi mawu pamalo pomwe chimayembekeza nambala sichidandaula, chimangowayesa ziro. Ziro khumi zondondozana ndiye mzere wogona womwe mukuuonawo. Chikanakhala tchati cha mizati mukanaona malo opanda kanthu, chifukwa mzati wa ziro ulibe msinkhu. Mukakumbukira bwino momwe chinkaonekera musanalembe miyezi iwiri yomaliza, manambala a m'mbali mwa tchati ayenera kuti ankayambira pa 0 n'kulekezera pa 1. Excel imachita zimenezo ikasowa chokweza.

Miyezi iwiri yomwe munalemba ndi dzanja lanu ndi mboni yabwino kwambiri pa nkhaniyi. Kolamu ndi yomweyo, tchati ndi chomwecho, kompyuta ndi yomweyo, chasiyana ndi njira yomwe nambala inalowera m'selo. Ikani muvi wa mawusi pa kadontho ka Malichi pa tchatipo osadina, kabokosi kakang'ono katuluka ndipo muona `Value: 0`. Muchite chimodzimodzi pa Novembala, muona nambala yake yonse.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa tchati ndi ichi. Ngati pansi pa kolamuyo muli ndi `=SUM(B2:B13)`, kayang'aneni yankho lake tsopano lino. Ndikukhulupirira kuti likunena 3,030, omwe ndi makatoni a Novembala ndi Disembala okha. `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete, `AVERAGE` nayonso chimodzimodzi. Tchati chogona chimaonekera patali ndipo munthu amadziwa kuti pali vuto, koma chiwonkhetso cholakwika chimatha kulowa mu lipoti n'kufika kwa abwana popanda wokayikira, makamaka ngati maselo osokonekerawo ndi awiri kapena atatu okha pakati pa mazana. Ngati pali lipoti lomwe munatumiza kale kuchokera mu fayilo imeneyi, mukamaliza kukonza mulibwererenso.

Tsopano za `Number` uja. Pafupifupi aliyense amayamba ndi pomwepo, ndipo n'zomveka, chifukwa dzinalo likuoneka ngati likulonjeza kusandutsa zinthu kukhala nambala. Koma selo ili ndi zinthu ziwiri zosiyana: chomwe chili m'kati, ndi malaya omwe chavala. `Format Cells` imasintha malaya okha. Imauza Excel kuti nambala ikapezeka muno uionetse mwakutimwakuti, koma sikhudza zomwe zinalowa kale. Yang'anani kolamu yanu mmene ilili panopa. Ngati munasankha `Number` pa kabokosi ka pa `Home`, Novembala akuoneka 1420.00 ndipo Disembala 1610.00, pomwe miyezi khumi ija yakhala mmene inalili, yopanda maziro awiri akumapeto. Yomvera ndi nambala, yosamvera ndi mawu. Ineyo ndikapatsidwa fayilo yachilendo ndimasankha kolamu yonse n'kudina `Increase Decimal` kamodzi kuti ndione maselo omwe sakusuntha.

Anthu ambiri amanena kuti muziyang'ana mbali yomwe nambala yatsamira, chifukwa Excel payokha imakankhira manambala kumanja ndipo mawu kumanzere. N'zoona, koma pa zinthu zokopera pa bulawuza musadalire zimenezo, popeza zimabwera ndi maonekedwe ake, ndipo mawu akhoza kufika atakankhidwira kale kumanja. Funsani Excel yomweyo. M'maselo awiri opanda kanthu lembani izi:

```
=COUNT(B2:B13)
=COUNTA(B2:B13)
```

`COUNT` imawerenga maselo okhala ndi manambala enieni okha, pomwe `COUNTA` imawerenga selo iliyonse yomwe muli chinthu. Kwa inu yoyamba ipereka 2, yachiwiri 12. Kusiyana kwake, 10, ndiko kuchuluka kwa maselo odwala. Mafomyula awiriwa musawafufute, akhale pomwepo mpaka timalize, chifukwa ndi omwe adzatiuze kuti ntchito yatha. Pa kolamu yaitali, pomwe mukufuna kudziwa kuti odwalawo ndi ati, lembani `=ISNUMBER(B2)` pambali n'kukokera pansi. Pomwe pali `FALSE` ndi pomwe pali vuto.

Kudziwa kuti ndi mawu ndi theka chabe. Mawu ooneka ngati nambala alipo a mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ena ndi oyera: manambala okhaokha, kungoti analowa m'selo yomwe inali `Text`, kapena ali ndi kachizindikiro ' kutsogolo komwe kamaoneka pa bokosi la fomyula pamwamba koma osaoneka m'selo. Ena ndi akuda: pakati pa manambalawo kapena kumapeto kwake pabisala chilembo china chomwe maso sachiona. Kuti musiyanitse, mu C2 lembani:

```
=B2*1
```

Kuchulukitsa kumakakamiza Excel kuyesa kuwerenga mawuwo ngati nambala. Ikatulutsa 1250, mawu anu ndi oyera ndipo kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi. Ikatulutsa `#VALUE!`, muli chinthu chachilendo m'selomo. Ineyo ndikuyembekeza `#VALUE!`, pa zifukwa ziwiri. Mawu oyera nthawi zambiri amabwera ndi kachizindikiro kobiriwira pa ngodya yakumanzere pamwamba pa selo, ndipo inu simukukaona. Excel imaika kachizindikiro kameneka ikazindikira kuti mawuwa ndi nambala yobisala, ndiye ngati yalephera ngakhale kuzindikira, pali chomwe chayitchinga. Chifukwa chachiwiri ndi komwe manambalawo achokera. Masamba otsegulidwa pa bulawuza amakonda kugwiritsa ntchito mpata wapadera, wosaduka, womwe umaletsa mawu kugawikana pamapeto a mzere. Pa sikirini sumasiyana ndi mpata wamba, koma kwa kompyuta ndi chilembo china: mpata wamba nambala yake ndi 32, uwu ndi 160.

Tiyeni tiugwire. Tinene kuti B2 ikuonetsa 1,250.

```
=LEN(B2)
=UNICODE(RIGHT(B2,1))
```

`LEN` imawerenga zilembo zomwe zasungidwa, osati zomwe zikuoneka. Ikanakhala nambala yeniyeni yovala mpatuliro ngati malaya, yankho likanakhala 4, chifukwa m'kati muli 1250 basi. Ngati ndi mawu oyera, mpatuliro nawo uwerengedwa ndipo yankho ndi 5. Likatuluka 6, pali mlendo mmodzi. Fomyula yachiwiri ikutenga chilembo chomaliza n'kunena nambala yake. Chomaliza chikanakhaladi 0, mukanaona 48. Mukaona 160, mwampeza. Mukaona 48 pomwe `LEN` ikunenabe 6, mlendoyo ali kutsogolo, ndiye sinthani `RIGHT` kukhala `LEFT`. `UNICODE` ndi mnzake `UNICHAR` anabwera ndi Excel 2013. Pa Excel yakale kuposa pamenepo ya pa Windows, `CODE` ndi `CHAR` amagwira ntchito yomweyo pa chilembo chimenechi.

Mutha kumuona ndi maso ngati mukufuna. Dinani B2, kenako F2. Kamzere kophethira kaja kaima kumapeto. Yang'anitsitsani: sikagundana ndi 0 womaliza, pali kampata kakang'ono pakati pake. Dinani batani la muvi wopita kumanzere kamodzi, kamzereko kasuntha koma sikadumpha nambala iliyonse. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito anandibweretsera fayilo ya mizere yoposa mazana awiri, atatha m'mawa wonse akuyesa `TRIM` ndi `CLEAN` mobwerezabwereza, maso atafiira. Nditamuonetsa kamzere kakusuntha pamalo opanda kanthu anangogwira pakamwa. Sanalakwe kuganiza za mipata, kungoti `TRIM` imachotsa mpata wa 32 wokha, ndipo `CLEAN` imachotsa zilembo zosasindikizika za 0 mpaka 31. Mpata wa 160 onse awiri amaudutsa osaukhudza.

Pa maselo khumi okha, kunena zoona, mukhoza kungolembanso manambalawo ndi dzanja, ndipo tchati chidzuka. Koma kulemba ndi dzanja kumabweretsa zolakwika zake, 1,180 amasanduka 1,810 munthu osadziwa, komanso mwezi wamawa mudzakoperanso pamalo omwewo. Ndi bwino mudziwe njira yogwira ngakhale pa mizere zikwi.

Musanayambe sungani kope ina ya fayiloyo ndi `Save As`. Kenako tikopere mlendoyo kuti timuonetse Excel. Mu B2 dinani F2, gwirani Shift n'kudina muvi wakumanzere kamodzi kuti kampata kaja kasankhidwe, dinani Ctrl+C, kenako Esc. Ngati mlendoyo ali kutsogolo, mukadina F2 dinani batani la Home, n'kumusankha ndi Shift ndi muvi wakumanja. Sankhani B2:B13 yokha, osati pepala lonse, kuti tisakhudze mawu a m'makolamu ena. Dinani Ctrl+H. M'bokosi la `Find what` matani ndi Ctrl+V, ndipo musadabwe kuti simukuona kanthu, kamzere kophethira kangosuntha pang'ono. Bokosi la `Replace with` lisiyeni lopanda chilichonse, ngakhale mpata. Dinani `Replace All`. Excel inena kuchuluka kwa malo omwe yasintha, ndipo kwa inu ayenera kukhala 10. Anthu ena amalemba chilembocho pogwira Alt n'kudina 0160, koma zimenezo zimafuna mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi, omwe malaputopu ambiri alibe. Kukopera m'selo momwemo kuli ndi ubwino winanso: mumatenga chilembo chenicheni chomwe chilimo, ngakhale chitakhala cha mtundu wina, monga mpata wopyapyala wa 8239 womwe mapulogalamu ena amaika pakati pa manambala aakulu.

Pamene `Replace All` ikusintha selo, Excel imawerenganso zomwe zatsala ngati kuti mwangozilemba kumene. Apa `Number` wanu uja akuthandizani tsopano: popeza maselo salinso `Text`, 1,250 alowa ngati nambala, aoneka 1250.00 ngati anzake awiri aja, ndipo mzere wa tchati udzuka pomwepo inu mukuona. Yang'anani `COUNT` uja, akhale 12.

Ngati simukufuna kukhudza zomwe munakopera, kapena mukudziwa kuti ntchitoyi ndi ya mwezi ndi mwezi, njira yomwe ndimaikonda ndi kolamu yothandizira. Mu C1 lembani mutu, mu C2 lembani fomyula ili m'munsiyi, n'kukokera mpaka C13:

```
=VALUE(TRIM(SUBSTITUTE(B2,UNICHAR(160),"")))
```

Iwerengeni kuyambira m'kati. `SUBSTITUTE` ikuchotsa mpata wa 160, `TRIM` ikusesa mipata wamba yotsala m'mbali, ndipo `VALUE` ikusandutsa mawu oyerawo kukhala nambala. `VALUE` ameneyu musamuiwale. `SUBSTITUTE` ndi `TRIM` amabweza mawu nthawi zonse, ndiye popanda iye mudzakhala ndi kolamu yoyera bwino koma tchati chogonabe. Fomyulayi siiwononga Novembala ndi Disembala, amadutsamo n'kutuluka mmene analili. Selo ya mu B ikakhala yopanda kanthu imatulutsa `#VALUE!`, ndipo tibwereranso ku zimenezo. Ngati Excel ikukana fomyula, n'kutheka kuti kompyuta yanu inakonzedwa kuti izilekanitsa zigawo za fomyula ndi `;` m'malo mwa mpatuliro. Sinthani zokhazo. Mukatero tchati, `SUM` ndi `COUNT` ziziwerenga kolamu C, osati B.

Nanga `=B2*1` ija ikatulutsa 1250, kutanthauza kuti ndaganiza molakwika ndipo mawu anu ndi oyera? Pamenepo zinthu n'zosavuta. Kachizindikiro kobiriwira kakakhalapo, sankhani maselo kuyambira pa selo yomwe ili nako, dinani chenjezo lachikasu lomwe lituluke pambali, n'kusankha `Convert to Number`. Kakapanda kukhalapo, mwina chifukwa wina anazimitsa machenjezo mu `Options`, sankhani kolamu, pitani pa `Data`, `Text to Columns`. Ambiri amangodina `Finish` nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri zimatheka. Inu musathamange choncho, chifukwa manambala anu ali ndi mpatuliro. Excel imakumbukira zomwe munasankha ulendo wapita, ndiye ngati `Comma` anatsala wochongedwa, 1,250 ang'ambika pawiri, 1 atsala mu B ndipo 250 apita mu C. Dinani `Next`, onetsetsani kuti pa `Delimiters` pachongedwa `Tab` yekha, kenako `Finish`. `Text to Columns` imagwira kolamu imodzi pa ulendo umodzi.

Palinso njira yolemba 1 m'selo ina, kumukopera, n'kugwiritsa ntchito `Paste Special` ndi `Multiply`. Imagwira makolamu ambiri nthawi imodzi, koma ine sindiikonda pa zinthu zopita pa tchati. Selo yopanda kanthu ikachulukitsidwa ndi 1 imasanduka 0, ndipo mwezi womwe simunalandire chiwerengero chake umaoneka ngati mwezi womwe sikunatuluke katoni ndi imodzi yomwe. Zinthu ziwirizo n'zosiyana kwambiri kwa wowerenga tchati. Njira zitatu zonsezi, kumbukirani, sizichotsa mpata wa 160. Mukaziyesa pa mawu akuda sizinena kanthu, zimangosiya maselo mmene analili, ndipo n'chifukwa chake ndinati tiyambe tadziwa mtundu wa vutolo.

Pali msampha wina womwe ndikufuna muudziwe ngakhale kuti mwina lero sukukukhudzani, chifukwa ndi woopsa kuposa mpata. Si mapulogalamu onse omwe amalemba manambala mofanana. Ena amaika mpatuliro pa zikwi ndi kadontho pa tizigawo, monga 1,250.5, pomwe ena amatembenuza, 1.250,5. Excel imatsata momwe kompyuta yanu inakonzedwera. Ikakhala ya kalembedwe koyamba n'kulandira 1.250,5, imalephera kuwerenga n'kusunga ngati mawu. Pamenepo mwayi ulipo, chifukwa `COUNT` akuululirani. Koma ikalandira 1.250, kutanthauza makatoni 1,250, imawerenga bwinobwino ngati 1.25. Imeneyo ndi nambala yeniyeni, `ISNUMBER` anena `TRUE`, `COUNT` akwana 12, koma tchati chikhalabe chogona, chifukwa 1.25 pafupi ndi 1,420 saoneka. Choncho mukamaliza kusintha musakhutire ndi `COUNT` yekha. Tengani miyezi iwiri kapena itatu, muiyerekeze ndi zomwe zili pa pulogalamu ya kuntchito ija, ndipo ngati pulogalamuyo imaonetsa chiwonkhetso chake, chifanane ndi `SUM` wanu mpaka katoni yomaliza.

Pa mawu a kalembedwe kotembenuka, uzani Excel mwachindunji kuti chizindikiro chiti n'cha chiyani:

```
=NUMBERVALUE(B2,",",".")
```

Choyamba m'zizindikiro ziwirizo ndi cha tizigawo, chachiwiri ndi cha zikwi, monga momwe zalembedwera m'mawuwo, osati momwe kompyuta yanu imalembera. Pa 1.250,5 yankho ndi 1250.5. Zomwezi zimatheka mu `Text to Columns`, pa gawo lachitatu, mukadina `Advanced`. Pomwepo palinso `Trailing minus for negative numbers`, yothandiza pa mapulogalamu omwe amalemba 45- m'malo mwa -45. Koma 1.250 yemwe wasanduka kale 1.25 fomyula imeneyi siingamubweze, chifukwa ziro womaliza anatayika polowa. Pamenepo muyenera kubweretsanso zinthuzo, mutayamba mwasintha maselo olandira kukhala `Text` n'kumata mawu okha opanda maonekedwe ake, kuti Excel isaziwerenge yokha inu musanaiuze kawerengedwe.

Tibwerere ku tchati. Nthawi zambiri chimadzuka chokha, koma inu munachipanganso kawiri manambala ali mawu, ndiye pali chinthu chimodzi choti muone. Excel ikamapanga tchati imaganiza yokha kuti kolamu iti ndi mayina, iti ndi yojambula, ndipo imatero poyang'ana komwe kuli mawu ndi komwe kuli manambala. Makolamu onse awiri akakhala mawu imatha kusokonezeka, n'kutenga B ngati gawo la mayina a pansi pa tchati, kapena kutenga mzere uliwonse ngati chinthu chojambula pachokha. Kusokonezeka kumeneku sikuchoka mukakonza maselo. Dinani pa mzere wa tchati n'kuyang'ana bokosi la fomyula pamwamba. Muyenera kuona chonga ichi:

```
=SERIES(Sheet1!$B$1,Sheet1!$A$2:$A$13,Sheet1!$B$2:$B$13,1)
```

Choyamba ndi dzina la mzere, chachiwiri ndi miyezi, chachitatu ndi manambala. Dzina la pepala likhala la pepala lanu. Ngati mwatenga njira ya kolamu yothandizira, B yense asanduke C. Zikakhala zosokonekera, dinani tchati ndi batani lakumanja la mawusi, sankhani `Select Data`, n'kukonza ndi `Edit`. Koma kunena mosabisa, pa tchati chosavuta ngati chanu kuchifufuta n'kupanga china maselo ali bwino n'kwachangu kuposa kuchikonza. Ngati miyezi ili mu A ndipo manambala ali mu C, sankhani A1:A13, gwirani Ctrl, sankhani C1:C13, kenako `Insert`. Musaganize zobisa kolamu C kuti pepala lioneke laudongo, chifukwa tchati payokha sichijambula maselo obisika, ndipo chidzakhalanso chopanda kanthu pa chifukwa china.

Ngati pa nthawi yomwe munkalimbana nacho munalowa mu `Format Axis` n'kulemba nambala yanu pa `Maximum`, kaibwezeni ndi `Reset`. Malire olembedwa ndi dzanja satsata manambala atsopano, ndipo mzere ukhoza kudzuka n'kutulukira kunja kwa tchati.

Tsopano za miyezi yomwe sinafike, popeza chaka chamawa mudzayamba ndi Januwale yekha, maselo ena onse ali opanda kanthu, ndipo fomyula yathu idzadzaza `#VALUE!` mpaka pansi. Munthu akaona zimenezo amafuna kuzibisa, ndipo amalemba `IF(B2="","",...)`. M'selo mumaoneka moyera, koma `""` si selo yopanda kanthu, ndi mawu opanda chilembo, ndipo tchati chimawayesa ziro monga mawu ena onse. Mzere wanu udzayenda bwino mpaka mwezi womwe mwafika, kenako n'kugwa pansi ngati kuti katundu wasiya kutuluka. Ili ndi vuto lomweli lomwe mwabwera nalo, kungoti ulendo uno tadzipangira tokha. Chomwe tchati cha mzere chimamva kuti apa usajambule ndi `#N/A`:

```
=IF(B2="",NA(),VALUE(TRIM(SUBSTITUTE(B2,UNICHAR(160),""))))
```

Mzere ulekezera pa mwezi womaliza wokhala ndi nambala. Mtengo wake ndi wakuti `SUM` wamba pa kolamu yokhala ndi `#N/A` nayenso amatulutsa `#N/A`, ndiye pa chiwonkhetso gwiritsani ntchito `=AGGREGATE(9,6,C2:C13)`, pomwe 9 akutanthauza kuwonkhetsa ndipo 6 akutanthauza kudumpha maselo a zolakwika. Dziwani kuti imadumpha zolakwika zonse, ngakhale `#VALUE!` wochokera ku chilembo chachilendo chatsopano, choncho `COUNT` wa C ndi `COUNTA` wa B akhale pafupi ndi chiwonkhetsocho kuti muziona ngati akufanana. Chimodzimodzinso musakulunge fomyulayi mu `IFERROR` wobweza 0. Mukatero selo yomwe yalephera kuwerengeka idzaoneka ngati ziro weniweni, ndipo chenjezo lokhalo lomwe munali nalo mudzakhala mwalizimitsa.

Mafomyula ena nawonso amabala mawu munthu osazindikira. `LEFT`, `MID`, `RIGHT` ndi `TEXT` onse amabweza mawu, ngakhale zotulukazo zikhale manambala okhaokha. Nambala yolembedwa pakati pa zizindikiro `" "` mu `IF`, monga `"5"`, nayonso ndi mawu. Ngati tchati china mu fayilo yanu chikuwerenga kolamu ya mafomyula otere, akulungeni mu `VALUE`.

Mukadzayamba kugwiritsa ntchito `PivotTable`, chida cha Excel chowonkhetsera mizere yambiri m'magulu, matenda omwewa amaoneka mosiyana pang'ono. Kolamu ya mawu mukaikokera ku `Values`, Excel imasankha `Count` m'malo mwa `Sum`, ndiye mwezi uliwonse umapeza 1, ndipo tchati chimagona pa 1 osati pa 0. Mukakakamiza `Sum` chimagwera pa ziro. Konzani maselo kaye, dinani `Refresh`, kenako musinthe kukhala `Sum` mu `Value Field Settings`, chifukwa sichisintha chokha.

Chenjezo limodzi pamene dzanja lazolowera kusandutsa: sikuti kolamu iliyonse yooneka ngati manambala iyenera kusinthidwa. Makhodi a katundu monga 00417 ayenera kukhala mawu. Mukawasandutsa atsala 417 ndipo safanananso ndi zomwe zalembedwa pa katoni. Manambala aatali odutsa madijiti 15 nawo amawonongeka, chifukwa Excel imasunga 15 oyamba okha, otsalawo imawasandutsa maziro, ndipo fayilo ikasungidwa sabwereranso. Sinthani kolamu yokhayo yomwe mumawonkhetsa kapena kujambula.

Za mwezi wamawa, yang'anani ngati pulogalamu ya kuntchito ili ndi batani lotulutsira lipoti ngati fayilo ya Excel kapena CSV, chifukwa mipata ya 160 imabwera kwambiri pokopera zomwe zili pa sikirini. Fayilo ya CSV musamangoitsegula podina kawiri. Ilowetseni kudzera pa `Data`, `From Text/CSV`, `Transform Data`, ndipo pa kolamu ya makatoni sankhani `Change Type`, `Using Locale` ngati kalembedwe ka manambala n'kosiyana ndi ka kompyuta yanu. Batani lotere likasowa, pitirizani kumata mu B monga mwa masiku onse, kolamu C iziyeretsa, tchati chiziwerenga C. Mukamata nambala yatsopano n'kuona `#VALUE!` mu C, yambani ndi `LEN` pa selo yomweyo.